Ndinkayesa ndi kungochulukitsa katatu: masheya anga ndi ngongole ya ku Sako

Ndimakhala kufupi ndi Limbuli, ku Mulanje kuno. Ndili ndi kamunda ka tiyi komwe anandisiyira malemu mayi anga, komanso kaokala ka pakhomo komwe ndimagulitsa sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira oyeza. Kwa zaka zambiri ndalama zanga zinkazungulira ku banki mkhonde, ndipo sindikunyoza, inandiphunzitsira ana. Koma gulu lathu linasokonekera namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Amayi angapo nyumba zinawagwera, ena minda inakokoloka, ngongole sizinabwezedwe, ndipo pogawana chaka chimenecho tinkangoyang'anana. Alamu anga, amene analowa kalekale mu Sako, kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, ndi amene anandiuza kuti, “Make Tadala, tiyeni kwathu kuja. Mukasunga, amakubwerekani katatu ka zomwe mwasungazo.”

Mawu akuti katatu aja ndi amene anandikokera. Ndinalowa mu Novembala 2023, mwezi womwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, katundu wa mu okala atakwera mtengo usiku umodzi. Kulowa kwake sikunali kovuta. Ndinapita ndi chiphaso cha unzika, ndinadzaza fomu, ndinalemba dzina la mwana wanga wamkulu kuti ndiye adzalandire ndalama zanga ine ndikadzamwalira. Ndinalipira K5,000 yolowera, yomwe sibwerera, ndi K20,000 ya masheya osachotseka. Ziwerengero zonse zomwe ndikutchula pano ndi za Sako yathu pa nthawi imeneyo. Sako iliyonse ili ndi malamulo ake omwe mamembala amagwirizana pa msonkhano waukulu wa pachaka, choncho kwanuko zikhoza kusiyana, koma kayendedwe kake n'kofanana.

Tsiku lomwelo mtsikana wa pa kauntala anandifunsa kuti mwezi uliwonse ndiziika zingati ku masheya, zingati ku buku la ndalama zosunga. Ndinafunsa kusiyana kwake. Iye anati za ku buku losunga ndikhoza kutapa tsiku lililonse, pomwe za ku masheya sizitapidwa chisawawa, ndipo ochepetsetsa omwe membala ayenera kuika ku masheya ndi K10,000 pa mwezi. Munthu wa geni ukamva kuti uku n'kotseka uku n'kotsekula, umathamangira kotsekula. Ndinasankha kuti pa K40,000 yomwe ndinkakwanitsa, K10,000 izipita ku masheya, K30,000 ku buku losunga. Sanandinamize mtsikanayo, anayankha zomwe ndinafunsa. Funso loti ngongole amawerengera buku liti sindinalifunse, ndipo iyenso sanaliyambe.

Lamulo linali lakuti membala watsopano adikire miyezi isanu ndi umodzi asanabwereke. Miyezi imeneyo inagwera bwino, chifukwa kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi pomwe tiyi amaphuka kwambiri, timathyola pafupipafupi, ndipo ndalama ya masamba imaoneka. Sindinaphonye mwezi. Cholinga changa chinali chimodzi: mu Meyi, chimanga chikamatsika mtengo ku Limbuli ndi ku Muloza, chambiri chikuchokera tsidya la Mozambiki, ndigule matumba ndisunge, ndidzagulitse nthawi ya njala.

Ndinafika ku ofesi mu Meyi 2024 masamu nditachitira kunyumba. K20,000 yoyamba ija, K60,000 ya masheya a miyezi isanu ndi umodzi, K180,000 ya ku buku losunga, zonse pamodzi K260,000. Katatu, K780,000. Mlangizi wa ngongole, bambo wachinyamata wodekha, anayang'ana pa kompyuta, n'kutenga kapepala, n'kulemba K80,000 n'kuizunguliza.

“Mayi, masheya anu ndi awa. Zinazi ndi zosunga, sitiwerengera.”

“Nanga si ndalama zanga zomwezo, achimwene? Zili m'manja mwanu momwemo.”

“Zili m'manja mwathu lero. Mawa mukhoza kudzatapa zonse ife osakukanizani. Ngongole timaiyika pa ndalama yomwe sichoka.”

Anawonjezera kuti katatu kaja n'ka anthu omwe anabwerekapo kale n'kubweza bwino. Ngongole yoyamba ndi kawiri. Choncho K80,000 kawiri, K160,000. Ndinati chabwino, sunthani K180,000 yonseyo ipite ku masheya pompano. Anati kusuntha n'kotheka, koma ndalama yolowa ku masheya nthawi imodzi yochuluka chotero imayenera kugona miyezi itatu isanawerengedwe pa ngongole. Miyezi itatu kuchokera mu Meyi ndi Ogasiti, chimanga chitakwera kale.

Ndinatuluka nditakwiya, ndipo pa kabaza pobwerera ndinkangolankhula ndekha. Koma pano lamulo la miyezi itatu lija ndimalimvetsa, ndipo pa msonkhano ndikhoza kulivotera. Popanda ilo, munthu akhoza kukatenga K300,000 ya katapila m'mawa, kuiponya ku masheya, kubwereka K900,000 masana, kukabweza wakatapilayo, n'kutsala ndi ndalama ya mamembala iye asanasungepo kanthu. Ndalama zomwe Sako imabwereketsa sizichokera kwina, ndi zathu zomwe za aphunzitsi, othyola tiyi m'maesiteti, ogulitsa nanazi ndi nthochi. Masheya ndi njira yomwe Sako imaonera zinthu ziwiri pa iwe: kuti uli ndi chako chomwe ungataye ukathawa, komanso kuti unazolowera kuchotsa ndalama mwezi ndi mwezi. Chachiwirichi ndalama yoponya tsiku limodzi siingachionetse.

Ndiyenera kufotokoza pang'ono za mitundu ya ndalamazi, chifukwa anthu ambiri amazisokoneza monga ndinachitira ine. Masheya osachotseka, monga K20,000 ija, ndi umwini wako mu Sako. Sabwezedwa ngakhale ukutuluka. Chomwe ungachite ndi kugulitsa kwa membala mnzako. Masheya ochotseka ndi omwe umawonjezera mwezi ndi mwezi. Amenewa ndi ako ndithu, koma kuti uwatenge uyenera kulemba kalata n'kudikira, kwathu kuno ndi masiku 60, ndipo pasakhale ngongole kapena umboni womwe wawamangirira. Ndiye pali buku losunga, lomwe lili ngati akaunti ya ku banki iliyonse. Kwathu powerengera ngongole amaphatikiza masheya a mitundu iwiri yoyambayo, koma kuli ma Sako ena omwe osachotsekawo sawerengera. Funsani musanaike tambala. Ndipo masheya ochuluka sakupatsa mawu ochuluka pa msonkhano: wa K20,000 ndi wa K5 miliyoni aliyense ali ndi voti imodzi.

Alamu anga anandilangiza kuti ndisanyanyale, nditenge ngongole yaing'onoyo ngakhale sikwanira, kuti dzina langa lilowe m'buku la obweza bwino. Ndinatenga K150,000, ndinawonjezera katundu mu okala, ndinabweza m'miyezi isanu ndi umodzi osachedwa tsiku. K180,000 ija ndinaisunthira ku masheya, ndipo kuyambira pamenepo ndinkaika K20,000 ku masheya mwezi uliwonse. Pofika kumapeto kwa Epulo 2025 masheya anga anakwana K500,000 ndendende.

Apa ndiye ndinati tsopano katatu kandipeza. Ndinalemba fomu yopempha K1,500,000, kubweza m'miyezi 12.

Mlangizi yemwe uja sanatsutse kuti K1,500,000 ndiye denga langa. Koma anati denga ndi pomwe sungadutse, si pomwe uyenera kufika. Anandifunsa kope la mu okala ndi timapepala ta malipiro a masamba a tiyi ta chaka chonse. Tinakhala pafupifupi ola tikuwonkhetsa. Ataphatikiza miyezi ya mvula ndi ya chilimwe n'kugawa, anapeza kuti ndimapeza pafupifupi K300,000 pa mwezi. Lamulo lawo ndi lakuti zomwe upereka ku Sako pa mwezi zisapose theka la zomwe umapeza, ndiye kuti kwa ine K150,000.

Chiwongoladzanja chinali 3 peresenti pa mwezi, chowerengera pa ngongole yomwe yatsala. Pa K1,500,000, mwezi woyamba ndikanabweza K125,000 ya ngongole yeniyeniyo, K45,000 ya chiwongoladzanja, kuwonjezera K10,000 ya masheya yomwe siima ngakhale uli ndi ngongole. Zonse K180,000. Zinadutsa. Anatsitsa kufika pa K1,200,000: K100,000 ya ngongole, K36,000 ya chiwongoladzanja, K10,000 ya masheya, zonse K146,000. Apo zinalowa, koma movutikira ngati phazi mu nsapato ya mwana. Ndinafunsa ngati sangatalikitse nthawi kuti ndizibweza pang'onopang'ono. Anati ngongole ya bizinesi kwa munthu wosalandira malipiro a pamwezi imathera pa miyezi 12. Omwe amapatsidwa zaka ziwiri kapena zitatu ndi a pantchito omwe ndalama imadulidwa ku malipiro isanafike m'manja mwawo. Pamenepo masheya sathandiza, ngakhale atachuluka bwanji.

Mawu akuti chowerengera pa ngongole yotsala musawadumphe. Popeza mwezi uliwonse ndinkachotsa K100,000, chiwongoladzanja chinkatsika ndi K3,000 mwezi uliwonse: K36,000, kenako K33,000, kenako K30,000, mpaka K3,000 mwezi womaliza. Chonse pamodzi K234,000. Kuli obwereketsa ena omwe amanenanso kuti 3 peresenti, koma amawerengera pa ndalama yonse yoyamba ija mpaka mapeto. Kumeneko ndikanalipira K36,000 miyezi yonse 12, yomwe ndi K432,000. Kamwa imatchula chiwerengero chimodzi, thumba limamva zosiyana. Njira yodziwira n'njosavuta: pemphani pepala la ndondomeko ya kabwezedwe musanasaine, muyang'ane mzere wa chiwongoladzanja ngati ukutsika kapena waima pamodzi.

Chomwe chinandivuta kwambiri sichinali masamu amenewa, koma mboni. Ngongole K1,200,000, masheya anga K500,000. K700,000 yotsalayo inafunika kuti wina aiyimire. Ine ndinkaganiza kuti mboni ndi munthu wongosaina kuti amandidziwa, monga timachitira kwa amfumu. Ayi. Mboni imapereka masheya ake ngati chikole, ndipo amalemba pa fomu kuchuluka kwa omwe ikuyimira. Ndinayamba ndi alamu anga omwe, poti masheya awo anali K600,000. Ku ofesi anawakana. Anali ndi ngongole yawo ya K900,000 yomwe inali isanathe, kotero masheya awo onse anali omangidwa kale, opanda ngakhale kwacha imodzi yomasuka. Apa m'pomwe ndinazindikira kuti mu Sako anthu omwe amabwereka kawirikawiri, omwenso ndi amene amakulimbikitsa kulowa, nthawi zambiri sangakuyimire. Ofunika ndi aja achete, osunga osabwereka.

Ndinayenda sabata yathunthu. Mayi wina wa ku tchalitchi kwathu, wogulitsa nsomba zouma, anavomera kuyimira K250,000 pa masheya ake a K300,000. K450,000 yotsala anandiyimira aphunzitsi ena a pa sukulu ya pulaimale yapafupi, mayi wachikulire yemwe anaphunzitsa ana anga onse. Ndinawapeza madzulo akusankha nyemba pa lichero pakhonde. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa funso limodzi.

“Chimangacho mudzagulitsa liti?”

“Disembala kapena Januwale, aphunzitsi.”

“Nanga za Julayi ndi Ogasiti mudzabweza ndi chiyani?”

Ndinati okala ilipo, tiyi alipo. Anandiyang'ana kanthawi, n'kupukuta m'manja pa chitenje, n'kusaina. Anayimira ndi masheya awo onse.

Komiti yoona za ngongole inavomereza pakati pa Meyi. Ndalama yomwe inalowa sinali K1,200,000. Anachotsa 2 peresenti yoyendetsera fomu, K24,000, ndi 1.5 peresenti ya inshuwalansi, K18,000. Inshuwalansiyo sindidandaula nayo, chifukwa ndi yomwe imatseka ngongole wobwereka akamwalira, kuti ana ndi mboni asatsale m'mavuto. M'manja munafika K1,158,000. Ndinagula matumba 22 a makilogalamu 50 pa K50,000 limodzi, yotsalayo inapita ku mankhwala a anankafumbwe ndi onyamula.

Pali masamu ena omwe palibe anandichitira, ndinadzawachita ndekha usiku wina ndikusowa tulo. Pa K1,158,000 yomwe ndinalandira, K500,000 inali ngati yanga yomwe, poti inali itakhala ku Sako komweko yotsekeredwa. Ndalama yachilendo yomwe inandifika inali K658,000. Koma chiwongoladzanja ndi zodula zina, K276,000 yonse pamodzi, ndinkalipira pa ngongole yonse. N'zoona kuti masheya amabala phindu la pachaka, lomwe limagawidwa pambuyo pa msonkhano waukulu ngati Sako yapindula. Chaka chapitacho kwathu anagawa K10 pa K100 iliyonse, ndiye pa K500,000 ndi K50,000. Imachepetsako ululu, koma m'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, kotero ndalama yogona ku masheya inkachepa mphamvu kuposa momwe inkabalira. Sindikunena kuti ndinaberedwa. Ngongole ikatha K500,000 ija idakali yanga, ndipo ku banki mkhonde kwathu chiwongoladzanja chinali 20 peresenti pa mwezi. Ndikungonena kuti amene amati “katatu” amaiwala kunena kuti kamodzi mwa katatuko ndi kako komwe.

N'chifukwa chake anthu ena amadabwa kumva kuti munthu ali ndi masheya a K500,000 koma akubwereka K400,000. Bwanji osangotapa zakezo? Kwathu ngongole yosapitirira masheya ako imatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake, siifuna mboni, siidikira komiti, ndipo chiwongoladzanja chake n'chotsikirapo, chifukwa Sako ilibe chomwe ingataye. Kutapa masheya kumafuna masiku 60, ndipo ukatapa denga lako limatsika: K400,000 yochoka ku masheya ndi K1,200,000 yochoka pa ngongole yomwe ukanadzapeza. Kwa munthu amene akufuna kudzabwereka zambiri kutsogolo, kubwereka m'kati mwa masheya kumakhala kwanzeru. Kwa amene sakufunanso ngongole, kulipira chiwongoladzanja pa ndalama yako yomwe ndi kutaya chabe.

Funso la aphunzitsi lija linandipeza mu Ogasiti. Juni ndinalipira K136,000 ndi ya masheya pamwamba, Julayi K133,000. Koma aliyense wolima tiyi amadziwa kuti nyengo yozizira ndi yachilimwe masamba amachepa, ena timadulira mitengo, ndipo kapepala ka malipiro kamabwera ndi ndalama yochititsa manyazi. K300,000 yomwe tinawerengera ija inali ya chaka chonse titagawa mofanana, koma ndalama sibwera mofanana. Mu Febuluwale imadutsa pamenepo, mu Ogasiti siifika n'komwe theka. Anthu a m'mudzi nawonso nthawi imeneyo amagula mochepa mu okala, ambiri pa ngongole. Tsiku lobweza K130,000 linafika ndili ndi K40,000, matumba 22 ali phee m'chipinda.

Ndinapita ku ofesi ndi maganizo omwe ndinkaona ngati anzeru.

“Achimwene, mwezi uno ingodulani ku masheya angawo. Muli zoposa K500,000.”

“Sizitheka, mayi. Masheyawo ndiye chikole cha ngongoleyi. Tikayamba kudya chikole, ngongole itsala pa chiyani?”

Anandifotokozera kuti masheya amagwiritsidwa ntchito kubweza ngongole pa njira ziwiri zokha. Yoyamba, ngongole yotsala ikachepa kuposa masheya ndipo iwe walemba kalata kuti atseke zonse. Yachiwiri, ukalephereratu kubweza, Sako n'kulanda masheya ako onse, zotsala n'kukatenga kwa mboni. Njira yachiwiriyo imapita ndi dzina lako, chifukwa mbiri ya obwereka imatumizidwa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, komwe mabanki ndi ena obwereketsa amakayang'ana. Kudula kagawo ka mwezi umodzi kulibe.

Ndinaganiza zodikira, poti mtengo wa chimanga unali usanafike pomwe ndinkafuna. Uku kunali kulakwa kwanga kwachiwiri, ndipo kunali koipa kuposa koyamba chifukwa kunapweteka munthu wina. Atadutsa masiku 30 Sako inatumiza uthenga pa foni kwa mboni zanga zonse ziwiri kuti ngongole yomwe anayimira yatsalira. Sabata yomweyo aphunzitsi anali atapita ku ofesi kukafuna K300,000 ya fizi ndi zofunika za mdzukulu wawo yemwe anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Iwo ankadziwa kuti ndi masheya a K450,000 atuluka ndi ndalama tsiku lomwelo, monga ankachitira zaka zonse. Anauzidwa kuti masheya awo onse ndi omangidwa pa ngongole yanga, choncho ngongole ya tsiku lomwelo sangapeze, ndipo poti ngongole yomwe anayimirayo ili m'mbuyo, fomu yawo iliyonse iyamba yaima mpaka ine nditakonza.

Anabwera kunyumba Loweruka m'mawa. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anakhala pa mpando wa pakhonde la okala, anakana tiyi, n'kunena kuti, “Make Tadala, ine ndinasainira inu, sindinasainire chimanga. Mwana akutsekulira sukulu Lolemba lino.” Ndinasowa poyang'ana. Tsiku lomwelo ndinaitana wogula wa ku Limbuli, ndinagulitsa matumba asanu pa K60,000 limodzi. Lolemba ndinakalipira K130,000 ya Ogasiti, K127,000 ya Seputembala, chilango cha K6,500, ndi K3,000 ya chiwongoladzanja chowonjezera pa K100,000 yomwe inagona mwezi wathunthu. Zonse K266,500, osawerengera za masheya. Fomu ya aphunzitsi inayenda, koma poti masheya awo anali adakali omangidwa, anachita kufunafuna mboni ngati munthu wachilendo, ndipo mdzukuluyo anapita ku sukulu atachedwa sabata ziwiri.

Ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, ndikanasintha zinthu ziwiri. Sindikanawerengera mphamvu yanga yobweza pa ndalama ya chaka chonse yogawa mofanana, koma pa mwezi wanga woipitsitsa. Ogasiti wanga sakanatha kunyamula zoposa K90,000, ndiye kuti ngongole yondiyenera inali pafupifupi K700,000, ngakhale denga linkati K1,500,000. Ndi ngongole ya K700,000 pa masheya a K500,000 ndikanafuna mboni ya K200,000 yokha, ndipo aphunzitsi sindikanawavutitsa n'komwe. Kapena ndikanatenga K1,200,000 yomweyo koma osagulira chimanga yonse, n'kusiya ya miyezi iwiri ku buku losunga lija, lomwe ntchito yake yeniyeni ndi imeneyi. Poyamba ndinaika zambiri ku buku losunga n'kusowa masheya, kenako ndinakokolera zonse ku masheya n'kusowa yotapa. Chachiwiri, sindikanalola munthu mmodzi kundiyimira ndi masheya ake onse, ngakhale iye atavomera. Bola mboni zinayi zoyimira pang'onopang'ono, aliyense atsale ndi gawo lomasuka.

Ndionjezere chimodzi kwa amene akufuna kulowa. Popeza masheya ndi ndalama yomwe simungaithamangire kukatapa zinthu zikayamba kununkha, onetsetsani komwe mukuiyika. Ma Sako m'dziko muno amayendera lamulo la 2011 loona za makopaletivi a zachuma, ndipo amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya Reserve. Yovomerezeka imakhala ndi chiphaso, ndipo yathu inachipachika pakhoma pafupi ndi kauntala. Ambiri alinso pansi pa MUSCCO, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1980 kuti ligwirizanitse ma Sako. Funsani kuti msonkhano wa pachaka unachitika liti, ndipo anagawa phindu lotani. Koma chizindikiro chomwe ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi cha mamembala eniake: afunseni kuti ngongole ikavomerezedwa imatenga masiku angati kuti ituluke. Mukamva kuti anthu avomerezedwa koma akudikira miyezi iwiri poti “ndalama kulibe”, dziwani kuti obwereka achuluka kuposa osunga, kapena ambiri sakubweza, ndipo katatu kanuko kadzakhala ka papepala.

Kuchedwa kwa Ogasiti kuja kunalembedwa. Mlangizi anandiuziratu kuti ngongole yanga yotsatira idzabwerera pa kawiri, mpaka ndidzaonetsenso mbiri yoyera. Masheya omwewo, denga lotsika.

Kuyambira Okutobala ndinkagulitsa thumba limodzi kapena awiri mwezi uliwonse tsiku lobweza lisanafike, osadikiranso mtengo wa m'maloto. Ndinalinso ndi tsiku lomwe ndinkaliwerengera. Ngongole inkatsika ndi K100,000 pa mwezi, masheya ankakwera ndi K10,000. Nditalipira kachisanu ndi chimodzi, mu Novembala, ngongole inali K600,000, masheya K560,000, kusiyana kudakalipo. Nditalipira kachisanu ndi chiwiri, mu Disembala, ngongole inatsala K500,000 pomwe masheya anali K570,000. Kuyambira pamenepo masheya anga okha ankaphimba ngongole yonse, ndipo mboni zinalibenso choyimira. Kwathu samasula okha, umayenera kupempha. Ndinalemba kalata pa kauntala pomwepo, mlangizi anadinda, anandipatsa makope awiri. Imodzi ndinakasiya kwa mayi wa nsomba uja ku msika. Inayo ndinapita nayo kwa aphunzitsi madzulo, mvula ikuwaza, ndi nkhuku yaikazi m'khwapa. Anavala magalasi, anawerenga kalatayo mpaka pansi, anaipinda n'kuiika m'kati mwa Baibulo, kenako anaitana mdzukulu uja, yemwe anali atabwera ku holide, kuti adzalandire nkhukuyo.